Ndalandira ganyu womasulira wa maola 14, kuntchito ndi kumapeto kwa mwezi: nditani?

Nabanda: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, ndipo amene munadutsamo mundiuze zoona, musandinyengerere. Masana ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Kanengo, kulowa 7:30 m'mawa, kuweruka 5 koloko. Usiku ndimagwira ganyu womvetsera mawu amene anthu ofufuza anajambula m'midzi, kuwalemba m'Chichewa, kenako kuwamasulira m'Chingerezi. Lolemba lapitali mayi wina woyang'anira kafukufuku ananditumizira mafayilo 12. Asanu ndi atatu ndi a munthu mmodzimmodzi, ola limodzi iliyonse. Anayi ndi zokambirana za pagulu, ola ndi theka iliyonse. Onse pamodzi maola 14. Tinagwirizana K60,000 pa ola la mawu, ndipo ndipereke zonse Lolemba la sabata ya mawa lija likadutsa, kutanthauza Lolemba linalo. Lero Loweruka, ndamaliza atatu okha. Sabata ikubwerayi ndi kumapeto kwa mwezi, malipiro a antchito onse amadutsa m'manja mwanga. Ndikugona 1 koloko, kudzuka 5 koloko. Nditani kuti nditsirize?

Wa Ndirande: Asisi, imeneyo ndi K840,000, musaiseweretse. Masiku 9 si ambiri, mungolimba mtima. Khofi, madzi ozizira kumaso, mudzagona ndalama zikalowa. Ine ndinapangapo mapositala 40 a kampeni usiku utatu osagona, ndipo sindinafe.

Aphiri a ku Zomba: Achemwali, ndisananene chilichonse mundiyankhe funso limodzi. Mafayilo atatu mwamalizawo akudyerani maola angati? Osati masiku. Maola amene munakhaladi pampando, mahedifoni ali kumakutu.

Nabanda: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu ndinkayamba 8 koloko mwana akagona, mpaka 1 koloko. Lachinayi magetsi anazima ndipo batire ya laputopu yanga imangokhala ola limodzi. Ndiye ndi maola 21.

Aphiri a ku Zomba: Zikomo. Nambala imeneyi ndi imene ikuuzeni zochita. Maola 21 pa mafayilo atatu ndiye kuti ola limodzi la mawu likukutengerani maola 7. Musadzione ngati ndinu wochedwa. Kungolemba zimene munthu mmodzi akulankhula momveka bwino kumatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa ola la mawu, ndiye inu mukuwonjezapo kumasulira. Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri ndili pa ntchito ina ya masana, ndipo sindimatsika kwenikweni pa maola 6.

Tsopano tiwerenge zotsala. Mafayilo asanu a munthu mmodzi, asanu kuchulukitsa ndi 7, ndi maola 35. A pagulu aja ndi nkhani ina. Anthu asanu ndi atatu kapena khumi pansi pa mtengo, chojambulira chili pakati, wina ali kutali, awiri akulankhulira limodzi, mwana akulira, chigayo chikulira chapafupi. Ndipo ofufuza amafuna mulembe kuti amene walankhulayo ndi mayi wachitatu kapena wachisanu, ndiye mumabwerera m'mbuyo kangapo kungofuna kuzindikira liwu. Ine ndimawerengera maola 10 pa ola la mawu a pagulu. Inu muli ndi maola 6 a mawu otere, ndiye ndi maola 60. Pamodzi 95. Mukagawa pa masiku 9 otsalawa, ndi maola opitirira 10 ndi theka tsiku lililonse, pamwamba pa ntchito ya ku Kanengo.

Achimwene a ku Ndirande, apa khofi sathandiza. Maolawo kulibe.

Nabanda: Mtima wanga wagunda nditawerenga. Ine ndimaganiza kuti a pagulu akhala ofulumira chifukwa anthu amayankha mwachidule.

Aphiri a ku Zomba: Mwatsegulapo ngakhale imodzi?

Nabanda: Ayi, ndinayamba ndi osavuta kuti ndione ntchito ikuyenda.

Aphiri a ku Zomba: Ambiri tinayamba choncho. Chimene ndimachita masiku ano ndisanavomere ntchito: ndimapempha fayilo imene ikuoneka yovuta kwambiri, ndimadumphira pakati pake, osati poyambira pamene wofunsa akungodzitchula dzina, ndimalemba ndi kumasulira mphindi 10 ndikuyang'ana wotchi. Nthawi imene yanditengera ndimachulukitsa ndi 6. Ndipamene ndimatchula mtengo ndi tsiku. Chitani zimenezi lero lomwe pa fayilo imodzi ya pagulu.

Mayi a ku Chilinde: Mwana wanga, ine ndikuona ngati vuto ndi mpamba. Ine ndimagwira ku chipatala koma ndimagulitsanso kaunjika, ndinaika mtsikana pa benchi, ine ndimangopita madzulo kukawerengera. Lowani banki mkhonde mupeze ndalama yolembera munthu, bizinesi siyenda ndi munthu mmodzi.

Nabanda: Zikomo amayi, koma iyi si yogulitsa katundu. Chimene ndikugulitsa ndi makutu anga ndi nthawi yanga, ndiye sindingasiye munthu pa benchi.

Wa Ndirande: Koma amayiwa sanalakwe kwenikweni. Gawani ntchitoyo. Pezani ana a sukulu awiri, muwapatse K30,000 pa ola la mawu, inu mutsale ndi theka osagwira kanthu. Ndi mmene anthu amakulira pa ganyu.

Mnyamata wa ku Bunda: Ine ndilipo akulu, ndili chaka chachitatu, laputopu ndili nayo. Ndalembapo zotere za aphunzitsi athu.

Nankhoma: Dikirani kaye. Nabanda, munasayina pepala lililonse polandira mafayilowo?

Nabanda: Eya, la chinsinsi. Kafukufukuyu ndi wa zaumoyo wa amayi, anthu akutchula matenda awo, ena mpaka mayina a amuna awo ndi midzi yawo.

Nankhoma: Ndiye musatumize fayilo kwa munthu wina aliyense mwini ntchito asanalole, ngakhale kwa mng'ono wathu wa ku Bundayu, ngakhale ndi wokhulupirika. Amayi amenewo anavomera kujambulidwa atalonjezedwa kuti mawu awo amvedwa ndi anthu owerengeka. Fayilo ikangolowa pa WhatsApp ya munthu wachitatu, simungaibwezenso. Njira ilipo: muwauze eni ntchito kuti pali wina angathandize, iwo amusayinitse pepala lake, amutumizire okha.

Aphiri a ku Zomba: Ndiwonjezere pa mawu a Nankhoma. Zoti mutsala ndi theka osagwira kanthu si zoona. Ntchito ya munthu amene simunagwirepo naye mumayenera kuimvetsera yonse mukuwerenga zimene walemba. Pa ola la mawu mumataya maola awiri kapena atatu, ndipo akakhala kuti wadumpha ziganizo kapena wafupikitsa zimene anthu ananena, mumayambiranso. Kugawa kumathandiza ngati munthuyo munamuyesa kale nthawi yopanda phuma.

Wa Ndirande: Ine ndimagawa ntchito mwezi uliwonse ndipo palibe kasitomala anadandaulapo. Mukuwaopseza asisiwa.

Nankhoma: Positala ilibe chinsinsi cha munthu, achimwene. Pa mapositala gawani ndithu.

Nabanda: Chabwino, zogawa mwakabisira ndazisiya. Aphiri, ndiye maola amene ndili nawodi ndi angati? Ine mutu sukugwira.

Aphiri a ku Zomba: Tiwerengere limodzi, inu mundikonze pamene ndalakwitsa. Usiku wa mkati mwa sabata ndikupatsani maola atatu, 8 koloko mpaka 11. Ndikudziwa kuti mwakhala mukuchita asanu, koma yang'anani nokha zimene munalemba pakati pa 11 ndi 1 koloko, mupeza kuti ndi zochepa ndipo zolakwika zambiri zili mmenemo. Mausiku asanu akanakhala maola 15, koma mwati ndi kumapeto kwa mwezi. Ndi masiku angati amene mudzaweruke mochedwa?

Nabanda: Awiri osalephera, Lachitatu ndi Lachinayi. Timatuluka cha m'ma 8, kufika kunyumba ndili wotheratu.

Aphiri a ku Zomba: Amenewo tiwachotseretu. Atsala mausiku atatu, maola 9. Loweruka awiri, lero ndi linalo, maola 8 lililonse, 16. Lamulungu awiri, mukabwera ku tchalitchi, maola 5 lililonse, 10. Pamodzi 35. Koma 35 ameneyo ndi wa dziko limene magetsi sazima, mwana sadwala, kulibe maliro, kulibe mlendo. Ine ndimachotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi nthawi zonse, ndipo kawirikawiri gawo limenelo limadyekadi. Mutsala ndi maola 26. Ntchito ikufuna 95, inu muli ndi 26, mwina 35 zinthu zikakuyenderani.

Ndiye funso lasintha. Silinso loti mumaliza bwanji. Ndi loti muwauza liti eni ntchito, ndipo yankho ndi lero, dzuwa lisanalowe.

Nabanda: Apa ndi pamene ndikuopa. Aka ndi koyamba kundipatsa ntchito yaikulu chonchi. Ndikawauza kuti sinditha, sadzandipatsanso.

Nachisale ku Leeds: Mng'ono wanga, ndilankhule monga munthu amene ndakhalapo mbali inayo. Ndisanabwere kuno ndinkagawira anthu ntchito zoterezi. Munthu amene wandiuza kutatsala masiku 9 kuti sakwanitsa zonse ndinkamupatsanso ntchito, chifukwa wandisiyira nthawi yopeza wina. Amene ankandipweteka ndi wongokhala chete, foni osayankha, kenako usiku wa tsiku lomaliza n'kutumiza theka ndi nkhani ya magetsi. Ameneyo dzina lake ndinkalifufuta. Dziwaninso kuti mayi amene anakupatsani ntchitoyo naye ali ndi amene akumudikira, ndipo mwina pa mafayilo 12 aja pali ena amene akuwafuna msanga kuposa anzake. Simungadziwe osafunsa.

Nabanda: Ndilembe bwanji kuti zisamveke ngati ndikuthawa?

Aphiri a ku Zomba: Musayambe ndi kupepesa kwa ndime yonse, ndipo musafotokoze za mwana kapena za bwana wanu. Muyambe ndi zimene zatheka, muike manambala, mupereke njira ziwiri asankhe. Mwachitsanzo, inu mukonza mawu ake:

"Mayi, ndatumiza mafayilo atatu amene ndamaliza kuti muwaone ngati kalembedwe kake kali momwe mukufunira. Nditawerengera nthawi imene atenga, ndaona kuti sindingamalize onse 12 pofika tsiku tinagwirizana popanda kuwononga ntchito. Pofika tsikulo ndingathe kupereka ena anayi a munthu mmodzi, kapena awiri a pagulu. Otsalawo mungandiwonjezere masabata atatu ndi theka, ndizipereka Lolemba lililonse zimene zatha, kapena muwapatse wina. Mundiuze amene mukuwafuna poyamba."

Ndipo atatu omalizawo atumizeni pamodzi ndi uthengawo. Munthu amamva bwino nkhani yovuta ali ndi kanthu m'manja. Komanso ngati pali chimene sakuchikonda pa kalembedwe kanu, bola achinene pa fayilo yachitatu kusiyana ndi yachikhumi.

Mnyamata wa ku Bunda: Masabata atatu ndi theka mwawapeza bwanji akulu?

Aphiri a ku Zomba: Sabata wamba ya achemwaliwa ili ndi maola 15 a usiku, 8 a Loweruka, 5 a Lamulungu, pamodzi 28. Kuchotsa gawo lija la zogwa mwadzidzidzi, atsala 21. Pa 95 paja akachotsapo 26 a sabata ino, patsala pafupifupi 70. Gawani 70 ndi 21.

Mnyamata wa ku Bunda: Ndamva. Ine vuto langa ndi lofananako koma la sukulu. Ndimapangira anthu matebulo a kafukufuku wawo, ndipo ntchito zimabwera nthawi imodzi ndi mayeso, chifukwa amene amandipatsa nawonso akuthamangira kupereka mapepala awo kumapeto kwa semesita. Semesita yatha ndinalemba mayeso ena nditagona maola awiri, ndinakhoza mwamwayi. Chaka chino ndalemba pa khoma masiku onse a mayeso ndi opereka ntchito za m'kalasi, ndipo masabata awiri mayeso asanayambe sindilandira ganyu. Koma ndalama ya chakudya imathera nthawi yomweyo, ndiye sindikudziwa ngati ndipirira.

Nachisale ku Leeds: Iwe, auze makasitomala ako semesita ikamayamba kuti tsiku lakuti umatseka, abweretse msanga. Ena abweretsadi. Ndipo pa ganyu aliyense wa miyezi yoyambayo uzipatula kangachepe ka masabata awiri amenewo. Ukabwereza chaka, ndalama imene utaye ndi yoposa maganyu onsewo.

Wa Ndirande: Nanga bwanji asisi azigwirako kuntchito? Nthawi ya nkhomaliro, kapena bwana akatuluka. Kompyuta ilipo, magetsi a jenereta, intaneti yaulere. Ola limodzi patsiku ndi maola asanu pa sabata.

Nankhoma: Ine ndimagwira ku ofesi yoona za antchito, ndiye ndinene zimene ndaziona. Ola la nkhomaliro ndi lanu, mukafuna kugwira pa laputopu yanu palibe mlandu waukulu, malinga kontirakiti yanu sikuletsa. Koma kompyuta ya kampani, imelo ya kampani, pulinta ya kampani, nthawi ya kampani, zimenezi ndi zimene anthu amachotsedwera ntchito, ndipo umboni wake umakhala mu kompyuta momwemo. Nabanda, kawerengeni kontirakiti yanu ndi buku la malamulo a pakampani. Ena amalemba kuti ntchito yapadera uyenera kudziwitsa abwana, ena amangoletsa kugwirira opikisana nawo, ena sanenapo kanthu.

China. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaika maola wamba a ntchito pa 48 pa sabata. Silikuletsani ganyu wanu wa kunyumba, koma muligwiritse ntchito ngati muyeso. Inu ku Kanengo mukachotsa ola la nkhomaliro mumagwira maola 42 ndi theka. Kuwonjeza 21 a sabata ino ndi 63 ndi theka m'masiku asanu, osawerengera minibasi, kuphika ndi mwana.

Nabanda: Abwana sadziwa za ganyuyu. Ndiwauze?

Nankhoma: Ngati kontirakiti ikutero, eya, ndipo mwa kalata.

Aphiri a ku Zomba: Apa ine ndi Nankhoma tisiyana pang'ono. Ngati pepala silikukakamizani, ine sindinganene. Ndinauzapo bwana wina mwaulemu, kuyambira tsiku limenelo kalikonse kakalakwika, ngakhale kochedwetsedwa ndi ena, ankati ndi chifukwa cha maganyu anga.

Nankhoma: Zimachitika, sindikana. Koma akamva kwa ena zimaipa kuposa pamenepo. Zimatengera bwana wake, Nabanda ndi amene akuwadziwa.

Nachisale ku Leeds: Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi tulo. Maola anayi usiku uliwonse, kenako sabata ya malipiro. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Mng'ono wanga, thupi layamba kale kukuuzani kanthu?

Nabanda: Lachinayi ndinalemba ndalama ya munthu wina pa dzina la mnzake, mwamwayi mnzanga wa mu ofesi anaona tisanatumize. Dzulo ndinagona mu minibasi mpaka kupitirira siteji yanga. M'makutu mukumalira ndikavula mahedifoni, dzanja lamanja likuwawa pa mfundo. Ndipo ndinakalipira mwana chifukwa chongondifunsa homuweki. Chimenechi ndiye chikundiwawa kwambiri.

Nachisale ku Leeds: Ndiye mwafika kale pamalire. Cholakwika cha Lachinayi chija chikadutsa sabata ya malipiro, mutaya ntchito imene imakulipirirani lendi mwezi ndi mwezi chifukwa cha ganyu wa kamodzi. Lero mugone 10 koloko. Mahedifoni mutsitse mawu, ndipo kulira kwa m'makutuko kukapitirira masiku angapo mukaonane ndi adokotala.

Aphiri a ku Zomba: Pa ntchito yeniyeniyo chizindikiro changa ndi ichi: ndikabwereza chiganizo chimodzi katatu koma osachigwira, pamene mawu akumveka bwinobwino, ndimatseka. Nthawi imeneyo vuto si fayilo. Ndimagwira mphindi 45, kuvula mahedifoni, kuyenda pang'ono, kubwerera. Ndipo yesani kusintha nthawi: kugona 9:30, kudzuka 4 koloko, kugwira mpaka 6. Kwa ine maola awiri a m'mawa amatulutsa zofanana ndi atatu a usiku, koma si onse amene zimawayanja.

Mukugwiritsa ntchito chiyani pomvetsera?

Nabanda: VLC mbali ina, Word mbali ina, ndimasinthasintha ndi mausi.

Aphiri a ku Zomba: Dzanja likuwawa chifukwa chimenecho, ndipo nthawi yambiri ikuthera pomwepo. Yesani oTranscribe, ndi yaulere, mawu ndi polemba zili pa tsamba limodzi. `Esc` kuimitsa ndi kuyambitsa, `F1` kubwerera m'mbuyo, `F3` kuchepetsa liwiro, `Ctrl+J` kuika nthawi pamene mwafika. Ingokumbukirani kukopera zimene mwalemba mu Word pafupipafupi, chifukwa zimasungidwa mu bulawuza. Mukakhalabe pa VLC, `Shift` ndi muvi wakumanzere zimabweza masekondi atatu. Pamene simukumva, musakakamire mphindi zisanu pa liwu limodzi, lembani kuti sizikumveka, ikani nthawi yake, pitirirani. Izi zingakuchotsereni mwina ola limodzi pa 7 aja. Sizisandutsa 95 kukhala 35, uthenga uja mutumizebe.

Mayi a ku Chilinde: Tsopano ndamvetsa mwana wanga, pepani ndinaiphonya. Koma mwanayo Loweruka mumutumize kwa achibale, musamagwire ali pamiyendo. Ndipo zochapa mupatseko wina sabata ino, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi maola amene mupulumutse.

Nabanda: Zoona amayi, mng'ono wanga amutenga masana ano. Uthenga ndatumiza pamodzi ndi mafayilo atatu aja. Manja akunjenjemera. Panopa ndikuyesa mphindi 10 za pagulu.

Wa Ndirande: Ine ndikuonabe kuti mwataya ndalama. Akakulandani mafayilo a pagulu onse ndi K360,000 yapita.

Aphiri a ku Zomba: Werengani bwino achimwene. K60,000 pa maola 7 ndi pafupifupi K8,500 pa ola lawo. Pa a pagulu, K60,000 yomweyo pa maola 10 ndi K6,000. Ngati pali mafayilo oti abwezedwe, amenewo ndiye oyenera kupita. Ulendo wina mitengo ikhale iwiri, wa munthu mmodzi ndi wa pagulu.

Nabanda: Ndabwera. Zinthu ziwiri. Mphindi 10 zija zanditengera ola limodzi ndi mphindi 50, ndiye ndi maola 11 pa ola la mawu. Anajambula ku Mangochi, amayi awiri akumasakaniza ndi Chiyao, ndipo Chiyao changa ndi cha moni basi.

Chachiwiri, mayi aja ayimba foni. Sanakalipe, koma sanasangalalenso, anati bwenzi nditanena Lachitatu. Akuti lipoti lawo loyamba likudalira zokambirana za pagulu, osati a munthu mmodzi amene ndinayamba nawo. Ndiye akufuna awiri a pagulu pofika Lolemba lija, ena awiriwo apatsa munthu wina, ndipo asanu a munthu mmodzi andiwonjezera masabata awiri. Za Chiyao akuti ndizingoika nthawi yake, ali ndi wina woti adzaze. Zokweza mtengo akana, akuti bajeti inatsekedwa.

Aphiri a ku Zomba: Awiri a pagulu ndi maola atatu a mawu, kuchulukitsa ndi 11, maola 33. Inu muli ndi 35 osachotsapo kanthu, ndipo awiri mwa amenewo apita kale lero. Zathina kwambiri. Kudumpha Chiyao kukupepukitsirani pang'ono, koma musadalire. Mwavomera kale?

Nabanda: Ndati ndiwayankha mawa m'mawa. Ndikuganiza zowauza kuti yoyamba ndipereka Lachisanu, yachiwiri Lachitatu la sabata inayo m'malo mwa Lolemba. Kapena ndipemphe tsiku limodzi la tchuthi changa kuntchito Lachisanu malipiro akatuluka, ndili ndi masiku amene sindinatenge.

Nankhoma: Tchuthi ndi chanu, mukhoza kupempha, koma fomu ilowe Lolemba m'mawa, ndipo musalonjeze mayiwo tsiku abwana asanasayine.

Aphiri a ku Zomba: Ine ndikanapempha Lachitatulo, tchuthi ndikanasunga. Ndipo yoyambayo musanene Lachisanu. Maola 16 ndi theka mulibe pofika tsiku limenelo pokhapokha lero ndi mawa ziyende popanda chosokoneza. Nenani Loweruka madzulo. Zimene mwagwirizana pa foni muzilembe pa imelo usiku uno, mafayilo ake ndi masiku ake, kuti aliyense akhale nazo.

Nabanda: Ndilemba ikamakwana 9, kenako ndikagone. Mawa ndikuuzani zimene ayankha.